PIRITSI LIMODZI LA KLORINI LIKWANIRA MADZI OCURUKA MOTANI?

Mliri wa kolera umene unabuka mu Lusaka m'mwezi wa Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno, ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo ana a sukulu sanabwerere m'makalasi mwao kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Pa nthawi imeneyo Boma ndi mabungwe othandiza anagawa klorini m'makomboni, ina ya madzi m'mabotolo, ina ya mapiritsi. Imeneyi inali nchito yoyenera, pakuti mapaipi samangidwa m'sabata imodzi, koma banja likhoza kukonza madzi ace akumwa lero lomwe.

Komabe pali funso limodzi limene anthu ambiri olandira mankhwalawa sanauzidwe yankho lace momveka, ndipo lidzabweranso nthawi iri yonse pamene mvula idzaza zitsime za m'makomboni. Funsolo ndi ili: piritsi limodzi, kapena kacivinikiro kamodzi, kakwanira madzi ocuruka motani, ndiponso madzi otani? Munthu akhoza kuthira klorini tsiku ndi tsiku mokhulupirika, koma nkumamwabe madzi a tizirombo, iye osadziwa.

Tiyambe ndi cimene cicitika m'cigubu. Klorini ikalowa m'madzi isanduka asidi wofooka amene akatswiri amlemba HOCl. Asidi ameneyu aboola khungu la kacirombo ndi kuononga za m'kati mwace, kotero kuti kafa. Piritsi ndi klorini ya m'botolo zisiyana maonekedwe cabe. Piritsi lipangidwa ndi mankhwala olembedwa NaDCC pa pepala lace, ndipo likasungunuka liturutsa asidi yemweyo amene klorini ya m'botolo ituruka nayo.

Bvuto lace ndi lakuti klorini sisankha. Ilimbana ndi ciri conse cimene ipeza m'madzimo: matope, tizidutswa ta masamba oola, dzimbiri, ndi zonyansa zocokera ku zimbudzi. Ciri conse mwa izi cidyako gawo la mankhwala, ndipo gawo lodyedwalo silibweranso. Imene ipha tizirombo ndi kulonda madzi kufikira mawa ndi klorini yotsala pambuyo pakuti zonsezi zakhuta. Ngati zonyansa zadya yonse, madziwo ali monga momwe anatungidwira, ngakhale kuti mwini wace anaona ndi maso ace piritsi liri kusungunuka.

Cifukwa ca ici Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse liika malamulo ace pa klorini yotsala. Patapita mphindi 30 cithirireni mankhwala, mu lita iri yonse ya madzi muyenera kutsala theka la miligalamu kapena kuposerapo, ndipo pa nthawi yakumwa musacepe 0.2 ya miligalamu. Kuti zimenezi zitheke m'nyumba, madzi oyera athiridwa mamiligalamu 2 pa lita, ndipo madzi obvunduka athiridwa mamiligalamu 4. Malire a pamwamba a madzi akumwa ndi mamiligalamu 5 pa lita. Miligalamu ndi kanthu kakang'ono zedi, pakuti mamiligalamu 1,000 ndiwo apanga galamu imodzi, ndipo nkosafunika kuti mai wa pa nyumba aiyese pa sikelo. Manambalawa tawachula cifukwa ndiwo atithandiza kuwerenga zimene zalembedwa pa pepala la mapiritsi.

Nkhani ya klorini yotsala si ya m'mabuku cabe. Pa mliri wa 2017 ndi 2018, umene unayambira m'makomboni a Chipata ndi Kanyama, akatswiri anayesa madzi a m'malo otungapo mu Lusaka, ndipo pafupifupi malo atatu mwa anai ali onse anapezeka opanda klorini yokwanira. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya laimu imene iri ndi ming'alu ndi mapanga pansi pace. Mvula ikacuruka madzi a pansi akwera, ndipo a m'cimbudzi ndi a m'citsime cosazama akomana msanga. Madzi a mtundu umenewu ndiwo adya klorini kwambiri, ndipo ndiwonso afunikira klorini koposa onse.

CIGUBU CA MALITA 20

Tiyerekeze banja la ku Kanyama limene liri ndi cigubu ca malita 20, ndipo lapatsidwa mapiritsi olembedwa 67 mg. Nambala imeneyo ndi kulemera kwa mankhwala a m'piritsi, koma klorini yeniyeni imene ituruka ndi magawo 6 mwa 10 a nambalayo, ndiko kuti mamiligalamu 40. Tikagawa 40 pa malita 20 tipeza mamiligalamu 2 pa lita, umene uli muyeso wa madzi oyera. Tsono ngati cigubuco cadzazidwa pa pompi, ndipo madzi ace ali mbee, piritsi limodzi likwanira. Madziwo adzadyako pang'ono, mwina theka la miligalamu pa lita, ndipo yotsalayo idzakhala yambiri.

Tsiku lina pompi yauma, ndipo banja lomwelo latunga pa citsime ca kuseri kwa nyumba, mvula itagwa usiku. Madzi ace ali ndi mtundu wa tiyi wothira mkaka pang'ono. Tinene kuti madzi amenewa angathe kudya mamiligalamu awiri ndi theka pa lita. Piritsi limodzi lija lipereka awiri okha, motero onse adyedwa ndipo palibe cotsala. Mapiritsi awiri apereka anai, ndipo patsala umodzi ndi theka. Apa ndi pamene pacokera lamulo lakuti madzi obvunduka athiridwe mankhwala kawiri.

Koma kuonjeza mankhwala kokha sikutha nkhani. Tizirombo tibisala m'kati mwa timibulu ta matope ndi ta cimbudzi, m'mene klorini ibvutika kulowa, ndipo kacirombo ka kolera komwe kadziwika kuti nthawi zina kaunjikana m'magulu okutidwa ndi zoterera, amene safa msanga. Cotero nchito yoyamba ndi kuyeretsa madzi ndi manja. Asiyeni m'ndowa maora angapo kuti matope akhale pansi, tsanulani a pamwamba pang'onopang'ono, ndipo muwasefe pa nsaru yoyera yopinda kanai. Pambuyo pace ndi pamene muthira mankhwala. Munthu amene ayamba ndi piritsi, nasefa pambuyo pace, wataya piritsi lace pa matope. Ngati mutacita zonsezi madzi akali oderapo, kotero kuti simungaone pansi pa ndowa yodzaza, musadalirenso klorini. Madzi otero afunika kuwiritsa kufikira atabwadamuka kwa mphindi yathunthu.

Mutaponya piritsi, tsekani cigubu, cikhuchumuleni kuti mankhwala afike pali ponse, ndipo dikirani mphindi 30. Nthawi imeneyi iwerengedwa piritsi litatha kusungunuka. Kuzizira kucedwetsa nchito ya klorini, motero m'mawa wa mwezi wa Juni kapena Julaye, madzi akagona panja, nkwanzeru kudikira ora lathunthu. Ana obwera ku sukulu ndi ludzu sadziwa za mphindi 30, ndipo nyumba imene iri ndi cigubu cimodzi cokha ndiyo igwa m'bvuto limeneli kawirikawiri. Kumene kuli kotheka zigubu zikhale ziwiri, cina comwa, cina codikira.

Tsono tibwere ku cimene ife tiona kuti ndico coopsya koposa pa nkhani ya mapiritsi. Mapiritsi a klorini sali a msinkhu umodzi, koma onse ndi oyera ndipo akulungidwa m'mapepala onyezimira ofanana. Alipo olembedwa 8.5 mg, amene apereka mamiligalamu 5 okha. Amenewa anapangidwira botolo la lita imodzi kapena malita awiri. Munthu akaponya limodzi lotere m'cigubu ca malita 20, lita iri yonse ilandira kota ya miligalamu, imene madzi aidya nthawi yomweyo. Cigubu cimeneco cikanafuna mapiritsi 8. Aliponso olembedwa 167 mg, amene apereka mamiligalamu 100. M'cigubu ca malita 20 amenewa afikitsa mamiligalamu 5 pa lita, muyeso wokwera umene ugwiritsidwa nchito pa nthawi ya ngozi, madzi akakhala okayikitsa. Koma piritsi lomwelo likaponyedwa m'kacigubu ka malita 5, madzi alandira mamiligalamu 20 pa lita, kuposa malire kanai. Ndipo alipo ena akulu opangidwira madilamu ndi matanki, amene sayenera kulowa m'nyumba konse.

Mau akuti "piritsi limodzi pa cigubu cimodzi" ndi osavuta kukumbukira, ndipo ndi cifukwa cace afala. Koma ali oona pa piritsi la msinkhu umodzi ndi cigubu ca msinkhu umodzi basi. Mai amene anaphunzira mauwa caka catha ndi mapiritsi a mtundu wina adzawatsata caka cino ndi mapiritsi a mtundu winanso, ndipo sitingamuimbe mlandu. Maganizo athu ndi akuti amene agawa mankhwala m'komboni imodzi agwirizane pa msinkhu umodzi wa piritsi, wolingana ndi cigubu ca malita 20 cimene ciri m'nyumba iri yonse, ndipo malangizo alembedwe m'zinenero zathu pamodzi ndi cithunzi ca cigubuco. Kufikira zimenezi zitacitika, wolandira awerenge nambala ya pa pepala, kapena afunse wogawayo kuti piritsilo ndi la malita angati. Ngati pepala linena muyeso wosiyana ndi umene tawerenga pano, monga piritsi la 67 mg pa malita 10, tsatani pepalalo, pakuti opanga ena alemba muyeso wa madzi obvunduka.

MADONTHO NDI TIZIVINIKIRO

Klorini ya m'botolo si yacilendo m'Zambia. Botolo la Clorin linayamba kugulitsidwa m'caka ca 1998 kudzera m'bungwe la Society for Family Health, ndipo ubwino wace unali wakuti civinikiro ca botolo ndico cinali coyesera. Civinikiro cimeneco cinapangidwa molingana ndi mphamvu ya mankhwala a m'botolo lomwelo. Munthu akacitenga nkumayesera naco klorini ya m'botolo lina, muyeso watayika.

Mphamvu ya klorini ya madzi ilembedwa m'maperesenti. A zaumoyo akafuna kukonza yao asungunula magalamu 15 a ufa wa klorini wochedwa HTH mu lita imodzi ya madzi, ndipo apeza klorini ya 1 peresenti. Mililita imodzi ya klorini imeneyi iri ndi mamiligalamu 10. Cigubu cathu ca malita 20 cifuna mamiligalamu 40, motero cifuna mamililita 4, amene acepera pang'ono pa kasupuni ka tiyi kodzaza. Amene ayesa ndi madontho adziwe kuti madontho 20 apanga mililita imodzi, motero lita imodzi ya madzi oyera ifuna madontho anai.

Jiki wa m'sitolo, amene ambiri acapira zobvala, kawirikawiri ali ndi mphamvu ya maperesenti atatu ndi theka. Kwa iye dontho limodzi pa lita likwanira, ndipo cigubu conse cifuna kota cabe ya kasupuni ka tiyi. Munthu amene anaona mnansi wace akuthira kasupuni kodzaza ka klorini ya ku kiliniki, iye nacita cimodzimodzi ndi jiki, wathira pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita. Ndiponso jiki woyenera madzi akumwa ndi wopanda kanthu kena yekha. Wonunkhira maluwa kapena mandimu, wolemera ngati phala, kapena wosakaniza ndi sopo, asalowe m'cigubu ngakhale dontho.

Pa nthawi ya mliri pali msampha wina. M'malo osamalira odwala kolera mukhala klorini ya mitundu itatu: ya 2 peresenti yothira pa cimbudzi ndi masanzi a odwala ndi posamalira mitembo, ya 0.2 peresenti yokolopera pansi ndi kupukutira makama, ndi ya 0.05 peresenti yosambira m'manja. Zonsezi zioneka ngati madzi ndipo zinunkha mofanana. Ngakhale yofooka koposa, ya m'manja ija, iposa muyeso wa madzi akumwa ka 250. Botolo la klorini lopanda cizindikiro, limene munthu wangopatsidwa m'botolo la zakumwa zozizira, liri ndi mphamvu imene palibe aidziwa, ndipo palibe muyeso umene tingalangize pa ilo.

Klorini ya madzi ifookanso ndi nthawi. Dzuwa ndi kutentha ziithamangitsa, ndipo botolo losiyidwa pa zenera kapena pafupi ndi mbaula likhoza kutaya mphamvu yace yambiri tsiku lolembedwa pa ilo lisanafike. Yosungunula ku ufa ifooka m'masabata ocepa. Apa mapiritsi apambana, cifukwa akakhala m'pepala lao losang'ambika asungika kufikira zaka 5. Piritsi limene lamwa cinyontho ndi kufumbutuka, kapena limene pepala lace laboka, litayidwe.

KODI TIDZIWA BWANJI KUTI YAGWIRA NCHITO?

M'nyumba coyesera cimene ciripo ndi mphuno. Patapita mphindi 30 madzi ayenera kumveka kafungo ka klorini pang'ono. Ngati palibe fungo konse, klorini yadyedwa yonse kapena mankhwala anali atafooka kale. Thirani muyeso womwewo kaciwiri ndi kudikiranso. Ngati kaciwirinso fungo palibe, madziwo ndi oipa koposa mphamvu ya mankhwala a m'nyumba, ndipo afunika kuwiritsa kapena kusiyidwa.

Koma mphuno ikhoza kunamiza. Madzi a citsime coyandikana ndi zimbudzi akhala ndi amoniya, wocokera ku mikodzo ndi zonyansa. Klorini ikakomana ndi amoniya imangika naye, ndipo ikatero inunkhabe, nthawi zina koposa kale, koma mphamvu yace yopha tizirombo icepa kwambiri. Coyesera coona ciri ndi a zaumoyo a m'makiliniki ndi m'makhonsolo. Iwo atenga madzi pang'ono m'kabokosi koonekera, naponyamo kapiritsi kochedwa DPD 1. Ngati muli klorini yomasuka madzi asanduka ofiirira, ndipo mtunduwo aulinganiza ndi manambala olembedwa m'mbali mwa kabokosiko.

Ndi kabokosi kameneka wa zaumoyo angathe kupeza muyeso wa citsime ciri conse m'ora limodzi. Adzaza ndowa zinai za malita 20 ndi madzi a citsimeco. M'yoyamba athira mamililita 2 a klorini ya 1 peresenti, m'yaciwiri 4, m'yacitatu 6, m'yacinai 8, akuyesa ndi jekeseni yopanda singano. Atadikira mphindi 30 ayesa ndowa zonse. Tinene kuti yoyamba ndi yaciwiri sizinasinthe mtundu, yacitatu yaonetsa 0.6, ndipo yacinai yaonetsa 1.6. Muyeso wa citsime cimeneco ndi wa ndowa yacitatu, mamililita 6 pa cigubu, cifukwa ndiwo wocepa koposa umene wasiya theka la miligalamu. Mvula yamphamvu ikagwa ayenera kuyesanso, pakuti madzi asintha. Ife tikhulupirira kuti ndalama yogulira timabokosi timeneti, ndi yolipirira munthu woima pa citsime kuthira muyeso woyesedwa m'cigubu ciri conse, ipindula koposa kuonjeza makatoni a mapiritsi amene palibe atsata m'mene agwiritsidwira nchito.

Za kupyola muyeso tinene mosabisa. Madzi amene apyola pang'ono sapha munthu. Coipa cace ndi cakuti awawa ndi kununkha, ana awakana, ndipo banja libwerera ku madzi osathira kanthu, likunena kuti klorini ndi yoipa. Anthu ambiri ayamba kudandaula klorini yotsala ikapitirira mamiligalamu awiri pa lita. Madzi amene apyola kwambiri akhoza kuwawitsa pakhosi ndi kucititsa mseru. Mankhwala ace ndi kuwasakaniza ndi madzi ena, kuwapatsanso mphindi 30, ndi kukonza muyeso pa cigubu cotsatira.

Ngozi yeniyeni iri pa mankhwala osasungunula. Piritsi la klorini lifanana ndi piritsi la mutu, ndipo siliyenera kumezedwa. Lisasungidwe pamodzi ndi mankhwala a odwala kapena pamene mwana angafike. Mwana akameza piritsi kapena akamwa klorini ya m'botolo, musamsanzitse, cifukwa pobwerera mankhwalawo aochanso kum'mero. Mtsukeni m'kamwa, mpatseni madzi pang'ono, ndipo mupite naye ku cipatala mutanyamula pepala kapena botolo lace. Ikagwera m'maso, atsukeni ndi madzi oyenda kwa mphindi 15. Klorini isasakanizidwe ndi viniga, asidi wa mabatire kapena mankhwala otsukira zimbudzi, pakuti ituruka mpweya woononga mapapo. Ufa wa HTH ndi mapiritsi zisaikidwe m'cotengera cimodzi, cifukwa zikakhudzana pa cinyontho zikhoza kuyaka kapena kuphulika.

Madzi okonzedwa bwino akhoza kuipanso m'nyumba momwemo. Ndowa yotseguka imene ali yense abviikamo kapu ndi zala itha klorini yace msanga, ndipo cotengera ca citsulo, makamaka ca dzimbiri, cidya klorini monga matope. Cigubu ca pulasitiki ca kamwa laling'ono, cotsekedwa, cothira mocita kupendeka, cisunga mankhwala kufikira tsiku lotsatira. Madzi akapitirira maora 24 athiridwenso kapena apite ku zocapa.

Pali zinthu zina zimene klorini siingathe, ngakhale muyeso utakhala wolondola. Kacirombo ka kolera ndi ka taifodi kafa msanga, koma kalipo kena kotsegula m'mimba, kochedwa kiriputosiporidiyamu, kamene kali ndi cikamba colimba ndipo sikafa ndi klorini ya muyeso wakumwa. Kameneka kabvutitsa kwambiri makanda ndi anthu amene citetezo ca m'thupi mwao catsika, monga odwala Edzi amene sali pa mankhwala, ndipo kwa iwo madzi a citsime cosazama ayenera kuwiritsidwa. Klorini sicotsanso poizoni wosungunuka m'madzi. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi analowa m'mitsinje yothira mu Kafue, ndipo madzi a m'mapaipi a mu Kitwe anatsekedwa kwa kanthawi. Pa madzi otero piritsi silithandiza, ndipo kuwiritsa sikuthandizanso, cifukwa nthunzi ikacoka poizoniyo atsalira m'mphika. Cimodzimodzi mtobvu wa ku Kabwe, ndi mcere wa naitireti umene ulowa m'zitsime kucokera ku zimbudzi ndi ku feteleza. Kumene a zaumoyo alengeza kuti citsime kapena mtsinje uli ndi zoterezi, banja litunge kwina, ndipo klorini ithiridwe m'madzi a kumalo atsopanowo.